Katochi kounikira mazira: kamaonetsa bwino kathumba ka mpweya, zina mpaka uswe dzira

Ndagwiritsa ntchito katochi aka miyezi itatu. Ndi kakang'ono, kukamwa kwake kuli mphira woti dzira likhazikike bwino kuwala kusathawire m'mbali. Umalowa m'chipinda cha mdima, n'kugunditsa mbali yaikulu ya dzira pa mphirapo.

Chomwe kamaonetsa bwino ndi kathumba ka mpweya. Pansi pa chigoba pali nembanemba ziwiri zogundana. Dzira likangoikiridwa limazizira, zam'kati zimanyala pang'ono, ndipo nembanembazo zimasiyana kumbali yaikuluyo n'kusiya kampata. Masiku akamapita madzi amauluka kudzera m'timabowo ta chigoba, kampatako n'kumakula. M'dzira latsopano kamazama mamilimita atatu kapena kucheperapo. Kakadutsa 6, dziralo lakhalitsa, ngakhale kuti si kuti lasukusa.

Tsiku loyamba ndinaunika thireyi ya mazira 30. Mazira 22 anali ndi kathumba kakang'ono, 8 kakakulu. Ine ndi nzeru zanga ndinaphika atsopanowo, ndati abwino ndi amenewa. Kusenda kwake kunali chintchito! Nembanemba yam'kati inakakamira choyera, chigoba chikumachoka ndi mnofu, mazira kutsala okumbikakumbika. Asanu ndi atatu aja nditawaphika anasendeka mosavuta, bola uyambire pamene pali kathumbapo chala chilowe pansi pa nembanemba. Dzira likamakhalitsa limatulutsa mpweya wa kaboni dayokisaidi, asidi amachepa m'choyera, ndiye choyeracho sichigwiranso nembanemba mwamphamvu. Panopa okhalitsa ndimaphika ndi zigoba, atsopano ndimakazinga.

Papepala la m'bokosi analemba kuti uona zonse zam'kati. Apa anakokomeza. Kalaza, tizingwe tiwiri toyera topotana timene timagwira chachikasu kuti chikhale pakati, sindinatione pa tochi ngakhale kamodzi. Umangoona ntchito yake: ukapotoza dzira latsopano, mthunzi wa chachikasu umangogwedezeka pang'ono, pamene m'lokhalitsa umayenda momasuka mpaka kuyandikira chigoba. Kuti uone tizingweto, swera dziralo m'mbale yosaya. Tikakhala tonenepa tooneka bwino, dziralo ndi latsopano. Ena amatichotsa poganiza kuti ndi kamwanapiye koyamba kupangika. Ayi, ndi choyera chomwecho, ndipo timadyedwa. Ine ndimatisefa pokhapokha ndikamakonza kasitadi, kuopa timibulu.

Nembanemba yokuta chachikasu nayonso tochiyi siionetsa. Ikafooka, chachikasu chimaphwatalala m'mbale ndipo chimasweka msanga ukamachilekanitsa ndi choyera.

Zodandaula zina: mazira a chigoba chofiirira kwambiri amavuta, umangoona chimbuuzi, ndipo batire likayamba kufooka malire a kathumba saonekanso. Majeremusi saoneka pa tochi, choncho la mng'alu ndimataya ndithu. Mng'aluwo koma kamauonetsa bwino, ngakhale wopyapyala ngati tsitsi. Pa nyenyezi zisanu ndikapatsa zinayi.