Nkhalango ya Michiru M'thupi la Khwangwala: Screen Yekha Kapena Masiki?

Sabata yatha ndinafuna kulowetsa mitengo ya m'phiri la Michiru m'thupi la khwangwala yemwe ndinamujambula atatera pa waya wa magetsi ku Chilomoni, ndipo ndinayesa njira ziwiri zimene anthu ogwiritsa ntchito Photoshop amakonda kutsutsana nazo. Zonse zimagwira, koma iliyonse ili ndi pamene imalephera, ndipo mbalame imeneyi, chifukwa cha chifuwa chake choyera, imaonetsa poyera kulepherako.

Njira yachangu ndiyo kuika chithunzi cha nkhalango pamwamba pa cha mbalame, n'kusintha kasakanizidwe ka leya ya nkhalangoyo kuchoka pa Normal kupita pa Screen. Screen amangowalitsa, sadetsa: pamene pansi pali poyera mbee, mtengo suoneka, ndipo pamene pali pakuda bii, nkhalango imaoneka monga ilili. Choncho mapiko akuda amadzaza masamba okha popanda kudula chilichonse, ndipo tinthenga ta m'mphepete timatsala tachilengedwe kuposa mmene dzanja lililonse lingadulire.

Vuto lake lili kumwamba, kuseri kwa mbalame. Kuwala pa kompyuta kumayezedwa kuyambira 0, komwe ndi kuda, kufika 255, komwe ndi kuyera kwenikweni, ndipo mitambo ya pa chithunzi changa inali pa 230. Pamenepo thunthu lakuda la 60 limatuluka pa 236 pomwe tsamba lowala la 200 limatuluka pa 250, kusiyana kochepa koma kokwanira kusiya chizimezime cha nthambi kunja kwa mbalame. Pa laputopu yanga sindinachione msanga, ndinachizindikira nditapendeketsa sikirini. Mankhwala ake ndi kutsegula Levels ndi `Ctrl+L` pa leya ya mbalame, n'kukokera kumanzere kachizindikiro koyera kufikira kumwamba konse kutafika pa 255. Mukakokera mopitirira muyeso, nthenga zopyapyala za kumchira zimadyeka. Ndipo ngati mbalame inajambulidwa kumbuyo kuli denga la malata kapena mtengo wa mango, njira imeneyi musaivutikire n'komwe.

Njira ya masiki imafuna kudekha. Mumayamba mwapatula mbalame ndi Select Subject kapena Pen Tool, mumaika leya yoyera pansi pake, kenaka mumasankha leya ya nkhalango, itakhala pamwamba penipeni pa leya ya mbalame, n'kudina `Ctrl+Alt+G` kuti imangidwe m'maonekedwe a mbalameyo. Ubwino wake ndi wakuti kunja sikudontha kanthu ngakhale kumbuyo kunali kosokonekera chotani, komanso mumatha kusuntha nkhalango mmene mukufunira, mwachitsanzo kufikira nthambi ya msuku itagona motsatira phiko. Koma mukasiya pa Normal, mbalame imafa: diso, mulomo ndi kunyezimira kwa nthenga zonse zimakwiririka, n'kutsala chinthu chooneka ngati tsamba la kalendala lodulidwa ndi sizasi. Kudula kosasamala kumasiyanso mzere wotuwa wa mitambo kuzungulira thupi, umene mumauona mukakulitsa chithunzi kufika pa 200%.

Multiply ndinamuyesanso, koma pa mbalame yakuda ngosathandiza, pakuti iye amadetsa, ndipo mitengo inangooneka pachifuwa pokha. Akuyenera kakowa, osati khwangwala.

Chifuwa choyeracho ndi chimene chinandiphunzitsa zambiri. Pa Screen, chigawo chimenechi chimakhala chopanda mtengo ngakhale umodzi, ndipo popeza kumbuyo nakonso nkoyera, khosi limasungunuka, mutu n'kuoneka ngati wadukako. Apa Screen yekha alibe yankho labwino, chifukwa mukadetsa chithunzi chonse kuti chifuwa chigwire masamba, mitambo nayo imada ndipo chizimezime chija chimabwerera. Mbalame ikakhala yopatulidwa kale, mumadetsa chifuwa chokha ndi Curves, pang'ono chabe, kufikira nthambi zitayamba kuoneka mwapatalipatali ngati phiri m'nkhungu ya chiperoni.

N'chifukwa chake ine ndimaima ndi masiki, ngakhale amadya nthawi, ndipo Screen ndimamuika mkati mwake ngati wothandiza. Leya ya nkhalango yomangidwa ija ndinaiika pa Screen, ndinaiwonjezera Layer Mask, ndipo ndi burashi yofewa yakuda ya Opacity ya 30% ndinapaka pang'onopang'ono kumutu kufikira diso ndi mulomo zitabwerera, pakuti pa masiki chakuda chimabisa ndipo choyera chimaonetsa. Chithunzi cha nkhalango ndinachitembenuza kuti nsonga za mitengo ziloze kumchira, kotero kuti kumwamba kowala kwa Michiru kunafufuta malire a mchirawo, ndipo mbalame imathera m'nthambi m'malo mothera pa mzere wodulidwa.