Mafuta ophikira: ndawerenga pepala la pa botolo, ndakazingira, ndawerengera mtengo wa lita

Ndimakazinga mandasi ogulitsa komanso kuphika ndiwo za pakhomo, ndiye mafuta amene adutsa m'manja mwanga chaka chino ndi amitundu itatu. Pali odziwika aja, Kukoma wa Capital Oil Refining Industries ya ku Blantyre ndi Mulawe wa Sunseed Oil ya ku Lilongwe, pali a m'ndowa ya malita 20 okhala ndi kanjedza, ndiponso a mpendadzuwa ongofinya pa makina, amene ndimagula kwa munthu wina kumsika.

Dzina lalikulu la kutsogolo silikuuzani kanthu. Mawu akuti ndi mafuta ochokera ku zomera angatanthauze soya, mpendadzuwa, kanjedza kapena zosakaniza. Tembenuzani botolo muone pamene alemba zimene zili m'kati, tsiku lothera ntchito, chidindo cha bungwe loona za miyezo la MBS ndi mawu akuti muli vitamini A, amene lamulo la kuno limati azithiridwa m'mafuta ophikira. Vitaminiyu amawonongeka ndi kuwala, choncho botolo lomwe latandala padzuwa pa benchi ine ndimalisiya ngakhale lili ndi chidindo.

Kukoma ndi Mulawe onse ndi oyengedwa, ndipo kunena zoona, mu poto wa masamba otendera kapena wa nyemba sindingawasiyanitse. Kuyenga kumene amanenaku ndi ntchito ya magawo angapo. Amayamba kuchotsa zomata pogwiritsa ntchito madzi, n'kupha asidi pogwiritsa ntchito soda, n'kusefa mafutawo ndi dothi lapadera lochotsa mtundu, pomaliza amawapititsa mu nthunzi yotentha kuposa madigiri 200 kuti fungo lichoke. N'chifukwa chake amatuluka oyera mbee, opanda fungo, ndipo sachita thovu mu chiwaya.

A mpendadzuwa ongofinya aja sadutsa m'zonsezi. Ndi achikasu kwambiri, pansi pa botolo pamakhala zinyenyeswa, ndipo amanunkhira njere yokazinga. Pa tomato ndi anyezi fungolo ndimalikonda. Koma nditaponyamo mandasi, thovu linakwera mpaka m'milomo mwa chiwaya, utsi unayamba mafuta asanatenthe bwino, mandasi n'kuda kunja m'kati muli mwauwisi. Zomata zosachotsedwa zija ndi zimene zimapsa msanga. Sakhalitsanso, amayamba kununkha chiwisi akakhala nthawi.

Pa ntchito yokazinga tsiku ndi tsiku, amene andigwirira bwino ndi a kanjedza. Ambiri amawaopa chifukwa m'mwezi wa June amachita mitambo kapena kuundana pansi pa ndowa, ena mpaka kunena kuti athiramo zinthu. Ayi, ndi chibadwa chake, mukawafunditsa amasungunuka. Ubwino wake ngwakuti amapirira moto, mumakazingira kangapo asanade. A soya ndi a mpendadzuwa saundana nthawi yozizira, koma mukamawabwereza pamoto amada msanga ndipo amasiya utomoni wolimba m'mbali mwa chiwaya, woti mukwechese ndi mchenga. Kuundana komweko ndi chizindikiro chakuti a kanjedza ali ndi mafuta olimba ochuluka, ndiye pa ndiwo za banja langa ndimathira a soya.

Tsopano mtengo. Ukusintha sabata ndi sabata, choncho manambalawa ndi ongoyerekeza, chofunika ndi kawerengedwe kake. Tinene kuti botolo la mamililita 750 likugulitsidwa K5,400. Gawani 5,400 ndi 0.75, mupeza kuti lita ikukudyerani K7,200. La malita 2 pa K13,000 ndiye kuti lita ndi K6,500, pomwe chigubu cha malita 5 pa K31,000 lita ndi K6,200. Kabotolo kooneka kotchipa kaja ndi kamene kali kodula, ndipo pa shelefu kamafanana kwambiri ndi ka lita yathunthu mukapanda kuwerenga. Oyeza m'timapepala ndiye amaposa onse: mamililita 60 pa K500 ndi ndalama zopitirira K8,300 pa lita. Sindikunyoza ogula choncho, amene ali ndi K500 m'manja sangadikire za chigubu. Komabe anthu awiri kapena atatu oyandikana nyumba akasonkherana chigubu n'kugawana, aliyense amapulumutsa.

Ogula ndowa musamale china. Lita ya mafuta imalemera pafupifupi magalamu 920, osati kilogalamu yathunthu, kotero malita 20 pa sikelo ndi makilogalamu 18.4 kuchotsapo ndowayo. Ina ndinaipeza yoperewera, chotsekera chake chikuoneka kuti chinatsegulidwapo. Kuyambira pamenepo ndimaikweza pa sikelo ya wogulitsa nyemba ndisanapereke ndalama.

Pakati pa Kukoma ndi Mulawe ndimangotenga amene lita yake yatsika tsikulo. A kanjedza ndipitiriza kugulira mandasi, a mpendadzuwa ongofinya ndi a botolo laling'ono lokha la ndiwo.