Mwana wamanyazi ndi masamu obwereka: zimene zatsala patatha materemu awiri akuphunzira poona anzake

"Njira yoti ana amanyazi aziphunzira poona anzawo pa bolodi ija mwakhala nayo miyezi ingapo tsopano. Ikugwirabe ntchito? Kwanga kuno ana amaonerera bwinobwino, koma ndikawapatsa choko amangoti zii."

Limeneli ndi funso lochokera kwa mphunzitsi wina. Ikugwira ntchito, aphunzitsi, koma mbali imene yakhalitsa si imene tinkaidalira poyamba. Patatha materemu awiri tikuigwiritsa ntchito pa masamu ochotsera obwereka m'Sitandade 3, zaonekeratu kuti kuonerera pakokha kumangotsegula khomo. Mwana woonerera uja akapanda kuwerengera samu yake ndi kuikhoza tsiku lomwelo, mawa lake amabwera ali momwe analili.

Njirayi inachokera kwa Albert Bandura, katswiri wa maganizo a anthu wobadwira ku Canada mu 1925, amene anaphunzitsa pa yunivesite ya Stanford ku America. Mu 1977 iye analemba kuti munthu amayamba ntchito ndi kuilimbikira malinga ndi mmene akukhulupirira kuti ntchito imeneyoyo angaithe. Apa sakunena za kudzikonda kapena kudziona wofunika ayi. Mwana akhoza kukhala wolimba mtima pa mpira ndi pa kwaya, koma n'kumati mumtima "samu yobwereka ine sindingaithe". Bandura anati chikhulupiriro chimenechi chimachokera pa zinthu zinayi: zimene munthu wakhozapo yekha, zimene waona ena ofanana naye akuchita, zimene ena amamuuza, ndi mmene thupi likumvera pa nthawiyo, monga mtima kugunda kapena manja kuchita thukuta. Champhamvu kuposa zonse ndi choyambacho. Mawu akuti "ungathe mwanawe" ali m'gulu lachitatu, ndipo amauluka msanga mwana akalakwa samu yotsatira.

Chimene chapirira kwambiri m'miyezi yonseyi ndi kasankhidwe ka mwana wopita ku bolodi. Mphunzitsi aliyense dzanja limathamangira kwa mwana wanambala wani, poti sachedwetsa phunziro. Koma mwana wofooka akamuona ameneyo akulemba yankho mosaphethira, zimene amatolapo ndi zakuti "uja ndi wanzeru, ine ayi". Ofufuza a ku America, Dale Schunk ndi Antoinette Hanson, anapeza mu 1985 kuti ana ovutika ndi masamu ochotsera amene anaonerera mwana mnzawo anadzidalira ndi kukhoza kuposa amene anaonerera mphunzitsi. Mu 1987, pamodzi ndi Paula Cox, anayesa pa masamu a mafulakishoni, napeza kuti mwana mmodzi amene amayamba molakwitsa kenako n'kudzikonza, kapena ana angapo osiyanasiyana, amathandiza woonerera kuposa mwana mmodzi wokhoza kuyambira pachiyambi. M'kalasi zimenezi zimatanthauza kusankha mwana wapakatikati, amene anzake akudziwa kuti mwezi watha nayenso ankalakwa samu zomwezi.

Nayi mmene phunziro limodzi limayendera. Dzulo lake, pa nthawi yopuma, mphunzitsi amakonzekera ndi mwana wosonyeza uja kwa mphindi zisanu, kuti adziwe polakwitsa dala ndi mawu oti anene. Pa bolodi pamalembedwa 53 − 27. Mwanayo amayankhula mokweza zonse zimene akuganiza: "3 ndichotsemo 7, sizingatheke. Ndingotembenuza, 7 kuchotsa 3 ndi 4. Kenako 5 kuchotsa 2 ndi 3. Ndapeza 34." Akatero amayesa yankho lake pophatikiza: 34 ndi 27 ikupereka 61, osati 53. Apa ndiye pali mtima wa phunziro lonse, ndipo mphunzitsi asalowerere. Mwana uja amati, "Ndalakwitsa penapake. Ndibwererenso pa mawani." Amatenga timitolo tisanu ta timitengo khumikhumi ndi timitengo titatu tapadera, n'kumasula mtolo umodzi anzake akuona. Mawani akhala 13, mateni atsala 4. 13 kuchotsa 7 ndi 6, 4 kuchotsa 2 ndi 2, yankho 26. Aphatikizanso 26 ndi 27, ipereka 53. Amamaliza ndi mawu onena chimene chamupulumutsa: "Ndakhoza chifukwa ndinamasula mtolo." Zonsezi zisapitirire mphindi zinayi.

Samu yosonyezera muisankhe mosamala. 52 − 27 imaoneka yabwino koma imabisa matenda. Mwana wotembenuza manambala amapeza 35, ndipo mwana wobwereka bwino koma n'kuiwala kuchepetsa mateni amapezanso 35, choncho mphunzitsi sangadziwe kuti walakwira pati. Pa 53 − 27 woyambayo amapeza 34, wachiwiriyo 36. Kungoyang'ana yankho m'kope mwadziwa kale chofunika kukonza.

Tsopano za ana ongoti zii aja. Bandura anasiyanitsa zinthu zinayi zimene ziyenera kuchitika kuti kuona kusanduke kuchita: mwana atchere maso ndi makutu, asunge m'mutu zimene waona, athe kuzichita ndi manja ake, ndipo akhale ndi chifukwa chozichitira. Mwana akakana choko, funso ndi lakuti chaduka ndi chiti mwa zinayizi, pakuti mankhwala ake ndi osiyana. Munong'onezeni kuti, "Mnzako uja atapeza 61 anatani?" Akalephera kufotokoza, ndiye kuti sanaone kapena sanasunge. M'kalasi ya ana ochuluka okhala pansi, amanyazi amakonda kumbuyo ndi m'mbali mwa khoma, kumene timitengo ta pa bolodi sationa n'komwe. Ameneyo musunthireni kutsogolo, ndipo kalasi yonse inene pamodzi mawu achidule osungira njira: "sizingatheke, masula mtolo, chepetsa mateni". Akafotokoza bwino koma m'kope n'kulakwitsa, vuto lili m'manja, akufunika timitengo take. Koma akafotokoza bwino, m'kope n'kukhoza, choko n'kukanabe, mwanayo samu waidziwa. Chimene akuopa ndi maso a anzake.

Gulu lomalizali ndi limene limapusitsa aphunzitsi ambiri, chifukwa amabwereza phunziro kwa mwana amene anamva kale. Mu 1965 Bandura anaonetsa ana filimu ya munthu wamkulu akumenya chidole chopopa chotchedwa Bobo. Ana amene anaona munthuyo akulangidwa sanamutsanzire kwambiri, koma atalonjezedwa mphatso akamutsanzira, anaonetsa kuti zonse anaziphunzira mofanana ndi anzawo amene sanaone chilangocho. Ndiye kuti mwana saphunzira samu yokha poonerera, amaphunziranso zimene zimagwera munthu wopita ku bolodi. Wosonyeza uja akalemba 34 kalasi n'kuphulika ndi phwete, mphunzitsi n'kungozisiya, wamanyazi kumbuyo kuja waphunzira phunziro lomwe silidzachoka msanga. N'chifukwa chake lamulo loti polakwa sitiseka liyenera kukhazikika njirayi isanayambe. Kalasi imene kulakwa kumabweretsa chikwapu kapena mawu onyoza, njirayi musaiyambe n'komwe, idzangowonjezera mantha.

Wosonyeza akangokhala pansi, aliyense alembe samu zake, ndipo wamanyazi alembe m'kope osati pa bolodi. Samu zitatu zikwana: 41 − 18 ali ndi timitengo m'manja, 62 − 35 timitengo tili pambali, 74 − 46 popanda timitengo. Mphunzitsi afike pa iye asanamalize yoyamba, chifukwa kukhoza koyambako ndiko kumamanga zonse. Pochonga, mawu akhale olozera chimene wachita: "Apa unakumbukira kuchepetsa mateni, n'chifukwa chake wakhoza." Kumuuza kuti ndi wanzeru sikumupatsa chogwira tsiku limene adzalakwe. Kupatsa mwana samu zochepa zoti amalize lero lomwe kuli ndi umboni wake: mu 1981 Bandura ndi Schunk anapatsa ana ofooka pa masamu ochotsera masamba 42 oti alembe m'maphunziro asanu ndi awiri, ndipo amene analangizidwa kumaliza masamba 6 pa phunziro lililonse anapita patsogolo kuposa amene anangouzidwa kumaliza onse pofika kumapeto.

Ulendo wa ku bolodi umabwera pang'onopang'ono, mwina pa masabata atatu kapena anayi. Ayambe kufotokozera mnzake mmodzi wokhala naye pafupi, kenako gulu la ana anayi kapena asanu, kenako apite ku bolodi ali awiri, iye agwire timitengo mnzake alembe. Tsiku loti alembe yekha adziwiretu dzulo lake, ndipo samuyo ikhale ya mtundu umene wakhoza kale m'kope. Kumudzidzimutsa pomutchula dzina mwadzidzidzi kumadzutsa kugunda kwa mtima kuja, ndipo mwana amamva kugundako ngati umboni wakuti sangathe.

Pali zina zimene zinatha mphamvu m'kati mwa teremu yachiwiri. Kulakwitsa dala kukachitika tsiku ndi tsiku ana amazindikira kuti ndi sewero, n'kuyamba kukuwa yankho wosonyeza asanafike podzikonza. Kawiri pa sabata n'kokwanira, ndipo kumagwira bwino poyamba mutu watsopano. Kugwiritsa ntchito mwana mmodzimodzi yemweyo nakonso kumaononga, pakuti pakatha mwezi anzake amayamba kumuona ngati wanzeru wa aphunzitsi, kufanana kuja kwatha. Pakhale ana anayi kapena asanu osinthana, atsikana ndi anyamata. Choopsa china n'chakuti wosonyeza akachedwa pa njira yolakwika, ana ena amakopera yolakwikayo m'kope. Makope akhale otseka pamene akusonyeza, ndipo 34 uja afufutidwe akangodzikonza.

Poyesa ngati chikhulupiriro chikukula, musafunse kuti "masamu umawatha?" Funso lotere mwana amangogwedezera mutu kuti akusangalatseni. Muonetseni samu kwa kamphindi kochepa kosakwana kuiwerengera, n'kumufunsa kuti aonetse ndi zala, kuyambira chimodzi mpaka zisanu, mmene akukhulupirira kuti samu zamtundu umenewu angakhoze. Chitani zimenezi pambali, kamodzi pa masabata awiri, n'kuyerekeza ndi zimene zili m'kope. Zala ziwiri pamene m'kope akukhoza zikutanthauza kuti mumutsegulire masamba akale aone yekha mmene wasinthira. Zala zisanu pamene akulakwitsa zikutanthauza kuti sanayambe kuyesa mayankho ake pophatikiza.

Malire ake ndi awa. Kudzidalira kumene mwana wapeza pa 53 − 27 sikumutsatira kokha ku phunziro la kuwerenga Chingerezi mokweza, ngakhalenso ku 403 − 178, kumene ziro wapakati amafuna kumasula handiredi kaye kenako teni. Ana amene anali atalimba mtima amabwereranso kumbuyo akafika pa ziro ameneyu, ndipo pamafunika wosonyeza wina, kulakwitsa kwina ndi timitolo tina. Akabwera ku holide, sabata yoyamba ibwerere ku samu zimene ankakhoza. Manyazi enieniwo njirayi siichotsa: mwana wofatsa amakhalabe wofatsa, kusintha kwake kumaoneka pakuti sasiyanso tsamba lopanda kanthu ndipo akalakwa amafufuta n'kuyambiranso. Mwana amene pakatha masabata asanu ndi limodzi sakusuntha ngakhale m'kope, muyeseni kaye ngati akuona bolodi ndi kumva bwino, komanso ngati 13 kuchotsa 7 amaitha popanda kubwereka kulikonse. Ngati pamenepo akukakamira, abwerere ku timitengo ndi manambala osapitirira 20 asanaonererenso wina aliyense.