Maguluu atatu aja, patatha miyezi 8

"Achimwene, maguluu munagula aja akugwirabe? Chogwirira cha ndowa yanga ya pulasitiki chathyoka, ndigule uti?"

Musanatulutse ndalama, itembenuzeni ndowayo muone kunsi kwake. Chifukwa chake ndikuuzani.

Awiri sanandivute. Guluu woyera wa matabwa ndinamatira shelefu yong'aluka, n'kuimanga zolimba ndi chingwe mpaka mawa lake, ndipo mpaka pano ili nga. Wa kontakiti wagwira soli ya nsapato: mumapaka mbali zonse ziwiri, kudikira mphindi 10 kapena 15 mpaka asiye kukakamira chala, kenako n'kukanikiza kamodzi kokha, poti akagwirana sasunthikanso.

Yomwe inandiwawitsa mtima ndi epokisi, ya machubu awiri ija. Wogulitsa anandiuza kuti imamata chilichonse. Ndinali ndi beseni long'ambika m'mphepete, ndiye ndinafinya mofanana kuchokera m'machubu onse, kusakaniza bwinobwino, kupaka. Inauma gwa ngati mwala. Nditangonyamula beseni lili ndi madzi, chigamba chonse chinasendeka ngati nkhanambo, pansi pake pali see, osatsala ndi kachidutswa komwe. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa kasakanizidwe. Kachiwiri ndinatsuka, kukwecha ndi sandipepala, kudikira tsiku lathunthu. Chimodzimodzi. Kachitatu ndi pamene ndinaona kunsi kwa beseni zilembo PP ndi nambala 5 m'kachizindikiro ka makona atatu. Pulasitiki ya mtundu umenewo, komanso ya PE yolembedwa 2 kapena 4, ndi yoterera ngati kandulo, epokisi wamba sailowerera. Chikhala chosasakaniza bwino, ikanatsala yofewa ndi yonata. Ikauma gwa koma n'kuchoka yathunthu, dziwani kuti vuto ndi pulasitikiyo.

Ndinatsala pang'ono kutaya zotsalazo, koma mpando unazipulumutsa. Mwendo wake unkagwedera chifukwa bowo linakula, ndipo guluu wa matabwa anali atakanika kale pamenepo: amafuna matabwa okhudzana ndendende, sadzaza mpata, komanso sagwira pamwamba pa guluu wakale. Ndinapala zakale zonse mpaka thabwa kuonekera, n'kudzaza epokisi m'bowomo. Miyezi 6 tsopano ana akuukwera, sukugwedera. Pamenepo ndiye mtima unatsikako.

Koma ndikakumbukira theka la machubu lomwe linathera pa beseni, ndalama yake yokwana kugula beseni latsopano, zimandipwetekabe. Ndinabwerera kwa wogulitsa nditanyamula chigamba chija m'manja. Anakana kubweza ndalama, n'kundionetsa timalemba kuseri kwa paketi tonena kuti sigwira pulasitiki zimenezi. Zoona talembedwa, koma tsiku logula bwanji sananene, beseni nditalitchula ndi pakamwa panga? Epokisi ndidzagulanso, koma osati kwa iwowo.

Ndowa yanuyo mukapeza 2, 4 kapena 5, musagule guluu aliyense mwa atatuwa. Boolani timabowo tiwiri mbali iliyonse ya pothyokapo, mumange ndi waya.