Kuyerekeza ndi mwezi watha kapena kusiyako masamba osakhudza?

Mwalembanso title ndi meta description, mutu ndi mawu achidule amene amaoneka pa zotsatira za Google, pamasamba a webusaiti, ndipo anthu odina achuluka. Kodi ndi ntchito yanuyo, kapena nyengo chabe? Njira zodziwira zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi kuyerekeza masiku 28 musanasinthe ndi masiku 28 mutasintha, mu Search Console, chida cha Google choonetsa kuchuluka kwa anthu oona ndi odina masamba anu. Yachiwiri ndi kugawa masamba ofanana pawiri: ena muwasinthe, ena muwasiye, kenako muone kusiyana.

Yoyamba ndi yachangu, sifuna kukonzekera.
Yachiwiri imafuna masamba ambiri amtundu umodzi, komanso kuleza mtima.

Yoyamba imanamiza nyengo ikasintha, kapena Google ikasintha kasanjidwe ka masamba.
Yachiwiri imapirira, chifukwa mphepoyo imaomba magulu onse awiri.

Tinene kuti muli ndi masamba 200 a malonda, mwasintha 100 mu Novembala. CTR ya osinthidwa, kutanthauza gawo la odina mwa anthu amene aona masambawo pa Google, yakwera kuchoka pa 2.0% kufika pa 2.6%. Musathamangire kuvina. Ngati osakhudzidwa aja akweranso kuchoka pa 2.0% kufika pa 2.4%, phindu lanu lenileni ndi 0.2 yokha, zinazo ndi za nyengo ya Khirisimasi. Pogawapo sankhani mwachisawawa, osati kutenga masamba amene angogwa kumene, poti amenewo amadzuka okha. Onaninso ngati Google ikuonetsadi mawu anu atsopanowo, pakuti nthawi zambiri imalemba akeake.

Wa masamba ochepa atsate yoyamba, koma ayerekezenso ndi nyengo yomweyo chaka chatha. Wa masamba mazanamazana asavutike ndi kusankha: yachiwiri ndiyo yake.