Mamodi a Skyrim: kuika pamanja, Vortex kapena Mod Organizer 2?

Skyrim Special Edition inatuluka mu 2016, koma anthu akuiseweretsabe chifukwa cha mamodi, mafayilo owonjezera amene amasintha gemu. Modi ina imakonza zolakwika za gemu, ina imasintha nyengo ndi zovala, ina ngati SkyUI imasintha momwe mumaonera katundu amene mwanyamula. Ambiri mwa iwo amagwira ntchito motere: gemu ikapeza fayilo yoikidwa payokha mu foda ya Data, imagwiritsa ntchito imeneyo m'malo mwa yake yomwe ili m'mafayilo a .bsa, momwe gemu inalongedzamo zinthu zake. Vuto limayamba mamodi awiri akabwera ndi fayilo ya dzina limodzi. Wina ayenera kugonja, ndipo njira zitatuzi zimasiyana pa mmene zimaweruzira mlandu umenewu.

Ine ndinayamba ndi kuika pamanja, kungokopera zonse mu Data. Ndinaika modi yobweretsa chovala chankhondo chatsopano, kenako ina yokongoletsa chovala chomwecho. Windows itafunsa ngati ichotse mafayilo akale, ndinavomera osaganiza. Yachiwiriyo sinandisangalatse, ndiye ndinafufuta mafayilo ake. Kulowa mu gemu, msilikali wanga anali wapepo kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Mtundu umenewo umatanthauza kuti gemu yapeza thupi la chinthucho koma chithunzi chokutira palibe. Modi yachiwiri inali italemba pamwamba pa zithunzi za yoyamba, ndipo pofufuta ndinataya zonse. Njirayi ndi yabwino ngati muli ndi modi imodzi kapena awiri basi.

Vortex, pulogalamu ya tsamba la mamodi la Nexus Mods, imasunga modi iliyonse mu foda yakeyake, kenako mukadina Deploy imaika maulalo mu Data oloza kumafayilowo. Mukadina Purge maulalo onse amachoka. Mamodi akalimbirana fayilo imakuuzani, inu n'kusankha wobwera pambuyo, ndipo ameneyo ndiye wopambana. Ndondomeko ya mafayilo a .esp, omwe amauza gemu zimene modi yasintha, imaisanja yokha pogwiritsa ntchito pulogalamu ya LOOT. Pa Skyrim, foda yosungira mamodi iyenera kukhala pa disiki imodzi ndi gemu, apo ayi maulalowo sagwira. Chomwe chimanditopetsa ndi malamulo ake a "uyu abwere pambuyo pa uyu": akachuluka amatha kuzungulirana, ndipo kuwamasula n'chintchito.

Mod Organizer 2 siikhudza n'komwe foda ya Data. Imanamiza gemu kuti mafayilo ali mmenemo, pamene ali kwina, ndipo bodzalo limatha mukatseka gemu. Kumanzere kuli mndandanda wa mamodi, wokhala pansi ndiye wopambana, ndipo mumangomukoka ndi mausi kupita naye pomwe mukufuna. Chikhala kuti ndinali nayo tsiku lija, ndikanangochotsa chizindikiro pa modi yachiwiri, chovala n'kubwerera mwakale. Koma chilichonse muyenera kuchiyatsira mkati mwake. Mukayatsa gemu pa Steam mupeza Skyrim yopanda modi ngakhale imodzi, ndipo ambiri amaganiza kuti zawonongeka. Ndimagwiritsa ntchito imeneyi chifukwa ndimaona ndi maso amene wagonjetsa mnzake. Kwa woyamba kumene amene akufuna mamodi 20, Vortex ndiyo yosavuta.

Pali zina zomwe mapulogalamu awiriwa sangakuchitireni. SkyUI imafuna SKSE64, pulogalamu yowonjezera zomwe mamodi angachite mu gemu, ndipo SKSE64 iyenera kugwirizana ndendende ndi nambala ya gemu yanu. Mu 2021 gemu itachoka pa 1.5.97 kupita pa 1.6, mamodi ambiri okhala ndi .dll anasiya kugwira ntchito mpaka eni ake atawakonza. Ndiye pa Steam sankhani kuti gemu izisinthidwa pokhapokha mukaiyatsa, ndipo muziyatsira pa skse64_loader.exe, Steam ili yotsegula kale; pa Mod Organizer 2 fayiloyi muziiyatsira mkati mwake. Kuti mudziwe ngati SKSE64 yagwira, tsegulani bokosi la malamulo mu gemu ndi batani la ~ n'kulemba:

```
getskseversion
```

Ikayankha ndi nambala, zili bwino.

Fayilo ya .dll ndi pulogalamu yeniyeni, imatha kuchita chilichonse pa kompyuta yanu, choncho itengeni patsamba la mwini modiyo pa Nexus Mods, osati pa ulalo womwe wina wataya pagulu. Modi ya zovala kapena nyengo ikabwera ngati .exe m'malo mwa .zip, .7z kapena .rar, ifufuteni osaitsegula.

Musanaike modi yatsopano, koperani foda iyi kwina:

```
Documents\My Games\Skyrim Special Edition\Saves
```

Mamodi okhala ndi masikiriputi amasiya zotsalira m'fayilo yomwe mwasungira ulendo wanu. Mukachotsa modi yotere pakati pa ulendo, gemu imatha kumangodzitsekera patapita maola angapo, ngakhale Data ili yoyera. Apo Purge sikuthandizani. Mubwerere kufayilo yomwe munasunga modiyo isanalowe.