Kuwerenga mabuloko a khoma: njira ziwiri

Titenge khoma lotalika mamita 6, lokwera mamita 2.8, lokhala ndi khomo (0.9 kwa 2.0) ndi zenera (1.2 kwa 1.2). Buloko ndi la mamilimita 390 kwa 190, koma ndi matope a mamilimita 10 limatenga malo a 400 kwa 200.

Njira ya masikweya mita ndi yachangu. Pa masikweya mita 16.8 a khoma lonse chotsani 3.24 ya khomo ndi zenera, patsala 13.56. Chulukitsani ndi 12.5, chiwerengero cha mabuloko pa sikweya mita imodzi, mupeza mabuloko 170. Mukaiwala matope muwerengera 183.

Njira ya mizere imachedwa: mizere 14 ya mabuloko 15 ndi 210, kuchotsapo 18 a zenera ndi 22.5 a khomo. Yankho ndi lomwelo, koma njirayi imaonetsanso kuti khomo likufuna kudula mabuloko, ndipo zidutswa zina zimatayika. Choncho gulani 179, kuonjezera 5 pa 100 aliwonse.